Momwe Chiwongoladzanja Chimaberekera Chinzake: Malangizo kwa Amene Wangomaliza Sukulu Ndipo Wayamba Kusunga Ndalama

Mukasungitsa ndalama ku banki kapena ku bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama, iwo sangoziika m'bokosi n'kukhoma. Amazibwereketsa kwa anthu ena, ndipo pa phindu lomwe apeza amakugawiraniko kachigawo. Kachigawo kameneko ndiye chiwongoladzanja. Chikabwera, pali njira ziwiri: mutha kuchitapa n'kuchidya, kapena kuchisiya momwemo kuti chiphatikizane ndi ndalama yanu yoyamba ija. Mukachisiya, ulendo wotsatira banki imawerengera chiwongoladzanja pa ndalama zonse pamodzi, yoyamba ija ndi mwana wake yemwe. Ndiye kuti chiwongoladzanja nacho chayamba kubereka chinzake.

Nkhani yonse yagona pamenepa. Masamu ake ndi ochulukitsa basi, omwe munaphunzira ku pulayimale. Chomwe ndikufuna n'chakuti muziwerengere nokha, ndi cholembera m'manja, chifukwa munthu amene wawerengapo yekha kamodzi savuta kuzindikira akaunti yomuthandiza, ndipo sanamizidwa wamba ndi olonjeza phindu la kumwamba. Manambala onse ali m'munsimu ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino. Mulingo weniweni wa chiwongoladzanja mukaufunse komwe mukufuna kusungako.

Yambani ndi pepala ndi ndalama imodzi

Tiyerekeze kuti mwasunga 100,000, ndipo akulonjezani 10 peresenti pa chaka. Mawu oti 10 peresenti akungotanthauza kuti pa 100 iliyonse akuwonjezerani 10. Choncho chaka chikatha, pa 100,000 yanu pabwera 10,000, ndipo zonse zikhala 110,000.

Tsopano tcherani khutu, poti apa ndi pomwe njira ziwiri zija zimasiyanirana. Ngati 10,000 ija mwaitapa, chaka chachiwiri muyambiranso pa 100,000 n'kulandira 10,000 ina. Chaka chachitatu chimodzimodzi. Koma ngati mwaisiya, chaka chachiwiri muyambira pa 110,000, ndipo 10 peresenti ya 110,000 ndi 11,000. Kodi 1,000 yapamwambayo yachokera kuti? Yabadwa kuchokera ku 10,000 ya chaka chatha ija, yomwe simunakhetsere thukuta. Zonse pamodzi zafika 121,000.

Jambulani mizere pa pepala, mulembe chaka kumanzere, ndalama kumanja, mupitirize motere:

- Chaka choyamba chikatha: 110,000
- Chachiwiri: 121,000
- Chachitatu: 133,100
- Chachinayi: 146,410
- Chachisanu: 161,051

Yang'anani zomwe zikuwonjezeka chaka ndi chaka: 10,000, kenako 11,000, kenako 12,100, kenako 13,310, kenako 14,641. Peresenti sinasinthe, idakali 10 yomwe ija. Chomwe chikusintha ndi mulu womwe peresentiyo ikuwerengeredwapo.

Kunena zoona, pa zaka zisanu kusiyana kwake sikodabwitsa ayi. Wotapa chaka chilichonse uja wapeza 50,000, wosiya uja wapeza 61,051. Anthu ambiri akafika apa amagwa ulesi n'kunena kuti phokoso lonse lija linali la 11,000 yokha basi. Musaime pamenepo. Pa zaka 10, wotapa uja ali ndi 100,000 yake, kuphatikizapo 100,000 ina yomwe walandira pang'onopang'ono, zonse 200,000. Wosiya uja ali ndi 259,374. Pa zaka 20, ndi 300,000 kwa woyamba ndi 672,750 kwa wachiwiri. Pa zaka 30, woyamba ali pa 400,000 pomwe wachiwiri wadutsa 1,744,000. Ndalama yoyambira ndi imodzi, peresenti ndi imodzi, ndipo palibe amene anawonjezerapo kanthu kuchokera m'thumba.

Onaninso ichi, chomwe kwa ine ndiye mutu wa nkhaniyi. Wosiya uja, pa zaka 10 zoyamba wapindula pafupifupi 159,000. Pa zaka 10 zomaliza wapindula zoposa 1,000,000. Phindu lalikulu limabwera kumapeto, mulu utakula. Ichi n'chifukwa chake inu amene mwangomaliza kumene sukulu muli pabwino ngakhale m'thumba muli mopepuka: ndalama muli nazo zochepa, koma zaka muli nazo zambiri, ndipo m'masamu amenewa zaka n'zimene zimasenza katundu wolemera.

Njira yachidule yowerengera

Kuwerengera 10 peresenti kenako n'kuphatikiza n'kotopetsa. Pali chidule. Kuwonjezera 10 peresenti n'chimodzimodzi kuchulukitsa ndi 1.10. Nambala 1 ikuimira ndalama yanu yomwe ilipo kale, 0.10 ikuimira chiwongoladzanja. Ikakhala 6 peresenti muchulukitsa ndi 1.06, ikakhala 12 peresenti ndi 1.12. Apa ambiri amaphonya: 6 peresenti ndi 1.06, osati 1.6. Mukalemba 1.6 ndiye kuti mwadzipatsa 60 peresenti, ndipo yankho lake lidzakusangalatsani pachabe.

Pa kakyuleta ya mu foni, lembani ndalama yanu, chulukitsani ndi 1.10, kenako yankholo mulichulukitsenso ndi 1.10, mpaka mutakwanitsa zaka zomwe mukufuna. Zaka zitatu, katatu. Zaka 10, maulendo 10. Ngati muli ndi pulogalamu ya Excel kapena Google Sheets, lembani izi m'kabokosi kamodzi:

```
=100000*1.1^10
```

Kachizindikiro kooneka ngati denga kaja kakuuza kompyuta kuti ichulukitse 1.1 ndi iyo yokha maulendo 10. Yankho libwera 259,374 ndi timanambala totsalira. Sinthani ndalama, sinthani peresenti, sinthani zaka, muone chomwe chikusuntha yankho kwambiri. Mudzapeza kuti kuwirikiza ndalama yoyambira kumangowirikiza yankho, koma kuwirikiza zaka, kuchoka pa 10 kufika pa 20, kumalikweza kuposa apo, ndipo zaka zikamachuluka mpata wake umakulirakulira.

Palinso kachidule kena kowerengera m'mutu, kakale ndithu, poti katswiri wa masamu wa ku Italy, Luca Pacioli, anakalemba kale mu 1494. Tengani 72 muigawe ndi peresenti yomwe akukupatsani. Yankho lake ndi zaka zomwe ndalama yanu itenge kuti iwirikize kawiri. Pa 10 peresenti ndi zaka 7 ndi miyezi pang'ono, ndipo mukapitiriza pepala lanu lija mupeza kuti chaka cha 7 chikatha muli pa 194,872, chaka cha 8 muli pa 214,359, kusonyeza kuti 200,000 mwaidutsa pakati pa ziwirizi. Pa 6 peresenti ndi zaka 12. Pa 3 peresenti ndi zaka 24. Kachiduleka sikapereka yankho lenileni ndendende, ndipo peresenti ikakhala yaikulu kwambiri kamayamba kusokera, koma pa milingo yomwe mabanki amapereka kamafika pafupi mokwanira kuti muyerekeze maakaunti awiri muli chiimire pa mzere.

Mmene zimakhalira kwa wosunga pang'onopang'ono

Wongomaliza sukulu kawirikawiri sakhala ndi mulu woti aike kamodzi. Amakhala ndi kandalama kotsala pa malipiro kapena pa kageni, mwezi ndi mwezi. Tiyeni tione mmene zimayendera pamenepo.

Tinene kuti mumaika 5,000 kumapeto kwa mwezi uliwonse, mu akaunti yopereka 12 peresenti pa chaka, ndipo chiwongoladzanja amachiphatikiza mwezi ndi mwezi. Gawani 12 peresenti ndi miyezi 12, mupeza 1 peresenti pa mwezi. Ndiye lamulo la mwezi uliwonse ndi ili: zomwe zilimo chulukitsani ndi 1.01, kenako onjezani 5,000 yatsopano.

Mwezi woyamba ukatha muli ndi 5,000, ilibe mwana chifukwa yangolowa kumene. Mwezi wachiwiri 5,000 ija yabereka 50, mwaikanso 5,000, zonse 10,050. Mwezi wachitatu 10,050 yabereka 100.50, mwaikanso 5,000, zonse 15,150.50. Mukapitiriza mpaka chaka chithe, mwaika 60,000 ndipo mu akaunti muli pafupifupi 63,400.

Mwina mufunsa kuti, bwanji phindu ndi 3,400 yokha pomwe 12 peresenti ya 60,000 ndi 7,200? Banki sinakubereni. Ndalama zanu sizinakhalemo zonse chaka chathunthu. Ya mwezi woyamba yakhalamo miyezi 11, ya mwezi wachisanu ndi chimodzi yakhalamo miyezi 6, ya mwezi womaliza sinagonemo n'komwe. Chiwongoladzanja chimalipira nthawi yomwe ndalama yakhala, osati kuchuluka kwake kokha.

Chaka choyambachi n'chimene chimagwetsa anthu mphwayi, ndipo ndimawamvetsa. Mwadzimana miyezi 12, phindu lake silikukwana ngakhale zomwe mumaika mwezi umodzi. Koma pitirizani masamu. Pa zaka zisanu mwaika 300,000, mu akaunti muli pafupifupi 408,300. Pa mwezi wa 70, zaka zisanu ndi chimodzi zitatsala pang'ono kukwana, ndalama zanu zidutsa 500,000, ndipo 1 peresenti ya 500,000 ndi 5,000. Kuyambira mwezi wotsatira, chiwongoladzanja chokha chikuika mu akaunti ndalama yoposa yomwe inu mukuika. Pa zaka 10 mwaika 600,000, ndipo mulu wafika pafupifupi 1,150,000. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekhako kuli ndi nambala yake: miyezi 70.

Kuti musawerenge mwezi ndi mwezi maulendo 120, pulogalamu ija ili ndi njira yake:

```
=FV(0.01,120,-5000)
```

Nambala yoyamba ndi peresenti ya pa mwezi, yachiwiri ndi kuchuluka kwa miyezi, yachitatu ndi yomwe mukuika. Kamzere kochotsera kali kutsogolo kwa 5000 musakaiwale, kakusonyeza kuti ndalamayo ikutuluka m'thumba mwanu.

Nachi chitsanzo chomwe chimaonetsa mtengo wa kuchedwa. Inu mwayamba muli ndi zaka 20, mwasunga motere mpaka zaka 30, kenako mwaleka kuikamo koma osatapamo. Mnzanu wayamba ali ndi zaka 30, akuika 5,000 yomweyo mwezi uliwonse osadumphitsa. Kodi adzakupezani liti? Ngati peresenti ikhala yomweyo kwa nonse, sadzakupezani. Chifukwa chake n'chosavuta: tsiku lomwe iye akuika 5,000 yake yoyamba, mulu wanu wa 1,150,000 ukubereka 11,500 pa mwezi wokha. Iye akuyenda, koma inu mukuyenda mothamanga kuposa iye mutakhala pansi.

Kutapamo kumadula kuposa mmene kumaonekera

Tibwerere ku 100,000 ya pa 10 peresenti ija. Chaka chachitatu chatha, muli ndi 133,100, ndipo mwaona foni yatsopano ya 30,000. Mumtima mukuti, ndingotapa phindu lokha, mpamba wanga sindiukhudza. Mwatsala ndi 103,100. Pofika chaka cha 10, ndalama imeneyi ikula kufika pafupifupi 200,900, m'malo mwa 259,374. Foni ija yakudyerani pafupifupi 58,500, chifukwa 30,000 yomwe munatapa inapita pamodzi ndi ana onse omwe ikanabereka pa zaka 7 zotsalazo.

Sindikunena kuti ndalama yosunga isamakhudzidwe zivute zitani. Matenda amabwera, ntchito imatha, ndipo ndalama ilipo kuti ithandize munthu. Chomwe chimathandiza n'kukhala ndi malo awiri. Koyamba muunjike kandalama ka mwadzidzidzi pamalo posavuta kutapa, kokwana kukusungani mwezi umodzi kapena iwiri poyambira, kenako muzikakuza. Mukatero, muyambe mulu wachiwiri womwe simuukhudza. Popanda thumba loyambalo, vuto lililonse laling'ono limakagwetsa mulu waukulu uja, ndipo kuwerenga zaka kumayambiranso pa ziro.

Mafunso oti mufunse musanatsegule akaunti

Masamu a pa pepala ndi oyera, koma akaunti yeniyeni ili ndi timabowo tomwe ndalama imadonthera. Musachite manyazi kufunsa, ndipo mayankho ake muwalembe.

Funso loyamba: peresenti yomwe mwatchulayo ndi ya pa chaka kapena ya pa mwezi? Pa zikalata za banki nthawi zambiri pamalembedwa zilembo p.a. pambali pa nambala, kutanthauza pa chaka. Maakaunti osungira amatchula ya pa chaka, pomwe obwereketsa ambiri amakonda kutchula ya pa mwezi kuti imveke yaing'ono. Musayerekeze nambala ziwiri musanazifikitse pa nthawi yofanana.

Lachiwiri: chiwongoladzanja mumachiphatikiza kangati pa chaka, ndipo chimalowa kuti? Pa 100,000 ya 12 peresenti, akaphatikiza kamodzi pa chaka mupeza 112,000. Akamaphatikiza mwezi ndi mwezi mupeza pafupifupi 112,680. Akamaphatikiza tsiku ndi tsiku mupeza pafupifupi 112,750. Mukuona kuti kuchoka pa mwezi kupita pa tsiku kwangowonjezera 70 yokha. Pali malire omwe kuphatikiza pafupipafupi sikungadutse, ndipo katswiri wa ku Switzerland, Jacob Bernoulli, anawaona kale mu 1683. Choncho wina akamakukopani ndi mawu oti kwathu timawerengera tsiku lililonse, dziwani kuti peresenti imodzi yowonjezera kwina ikuposa zimenezo. Gawo lachiwiri la funsoli ndilo lofunika kwambiri. Maakaunti ena, makamaka otsekera ndalama kwa miyezi yoikika, nthawi ikakwana amatumiza chiwongoladzanja ku akaunti yanu ya tsiku ndi tsiku. Kumeneko chimasakanikirana ndi ndalama yogulira zofunika n'kutha osadziwa, ndipo mumakhala munthu wotapa uja mosafuna. Auzeni momveka kuti nthawi ikakwana atsekerenso zonse, mpamba ndi chiwongoladzanja chomwe.

Lachitatu: mumadula zingati pa mwezi? Kwa woyamba kumene, funso ili limaposa la peresenti. Tinene muli ndi 20,000 pa 6 peresenti. Pa chaka ibereka 1,200. Ngati amadula 150 mwezi uliwonse yosamalira akaunti, pa chaka adula 1,800. Ndiye kuti chaka chikatha ndalama yanu yachepa ndi 600, chonsecho pa chikalata panalembedwa 6 peresenti. Zodula za mtengo wokhazikika zimapweteka kwambiri mwini mulu waung'ono. Funani akaunti yosadula pa mwezi, funsaninso zomwe amadula mukatapa, ndiponso ngati pali ndalama yochepetsetsa yomwe iyenera kukhalamo kuti chiwongoladzanja chiziwerengedwa. Ena amawerengera pa ndalama yotsikitsitsa yomwe inalimo m'mwezimo, kotero kuti mukatapa lero n'kubweza mawa, mwezi wonse auwerengera pa nambala yotsika ija.

Lachinayi ndi msonkho. M'mayiko ambiri boma limadula msonkho pa chiwongoladzanja, ndipo banki imachotseratu isanakupatseni. Ukakhala 20 peresenti, 10,000 ija itsala 8,000, kutanthauza kuti mulingo wanu weniweni ndi 8 peresenti. Gawani 72 ndi 8: kuwirikiza kutenga zaka 9, osati 7. Nambala yoti muziika m'masamu anu ndi yotsala msonkho ndi zodula zitachoka.

Funsaninso ngati bungwelo lili ndi chiphaso chochokera ku banki yaikulu ya dziko lanu kapena ku nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe a ndalama. Masamu a zaka 20 alibe ntchito ngati wosunga ndalamayo atseka zitseko chaka chachiwiri.

Mitengo ya zinthu nayo imaberekana

Apa pafunika kunena mosapsatira, chifukwa olemba ambiri amapadumpha. Kukwera mitengo kwa zinthu kumatsata masamu omwewa. Mitengo ikamakwera ndi 12 peresenti pa chaka, kachidule ka 72 kaja kakuti pakatha zaka 6 chinthu chilichonse chidzakhala pa mtengo wowirikiza.

Tiyerekeze kuti mukusungira makina osokera a 100,000, ndipo ndalamayo muli nayo kale koma mwaganiza zodikira chaka kuti ibereke. Pa 10 peresenti yafika 110,000. Ngati mitengo yakwera ndi 6 peresenti, makinawo ali pa 106,000, mugula n'kutsala ndi 4,000. Phindu lanu lenileni ndi limenelo, pafupifupi 4 peresenti. Koma ngati mitengo yakwera ndi 15 peresenti, makina ali pa 115,000, ndipo mukuperewera 5,000 pa chinthu chomwe chaka chatha mukanagula osatsala ndi ngongole. Nambala ya mu akaunti yakula, mphamvu yake yogulira yachepa.

Choncho musanasankhe akaunti, fufuzani mulingo womwe mitengo ikukwerera m'dziko lanu. Nthambi ya boma yoona za chiwerengero kapena banki yaikulu imaulengeza, ndipo nyuzipepala zimaulemba. Uchotseni pa peresenti yotsala ija. Yankho likakhala pamwamba pa ziro, ndalama yanu ikukuladi. Likakhala pansi pa ziro, akauntiyo ikungochepetsa kuluza. Izi sizikutanthauza kuti muleke kusunga, poti ndalama yobisa m'nyumba ikuluza pafupifupi 13 peresenti ya mphamvu yake yogulira pomwe ya mu akaunti ikuluza pafupifupi 4 kapena 5. Koma zikutanthauza zinthu ziwiri. Chida chomwe mukudziwa kuti chidzakupezetsani ndalama, ngati mwakwanitsa mtengo wake, n'kwabwino kugula msanga. Ndipo ndalama ya nthawi yaitali musaisiye mu akaunti wamba yopereka pang'ono; ikafika pa mulingo womwe amalola, isamutsireni ku akaunti yotsekera kapena ku zikalata za ngongole ya boma, komwe kawirikawiri peresenti imakhala yokwererapo. Komanso malipiro anu akakwera, 5,000 ija ikwere nawo, chifukwa 5,000 ya zaka zisanu zikubwerazo sidzagula zomwe ikugula lero.

Masamu omwewa akakutembenukirani

Ngongole imaberekanso chimodzimodzi, kungoti mwana wake amapita kwa wina. Mwakongola 50,000 kwa wakatapila pa 20 peresenti pa mwezi, ndipo mwagwirizana kuti mukalephera kubweza, chiwongoladzanja chiziphatikizidwa ku ngongole. Mwezi woyamba ndi 60,000. Wachiwiri 72,000. Wachitatu 86,400. Wachinayi 103,680, yawirikiza kale. Chaka chikatha osabwezako kanthu, ngongole yadutsa 445,000.

Yerekezani nambala ziwirizi. Ndalama yosunga pa 10 peresenti pa chaka imafuna zaka 7 kuti iwirikize. Ngongole iyi yafuna miyezi inayi. N'chifukwa chake ngati muli ndi ngongole yotere, kwinaku mukusunga, mukuthira madzi m'chidebe chobooka. Siyani kandalama kochepa ka mwadzidzidzi, zotsala zonse zipite kukapha ngongoleyo, kuyambira yomwe ili ndi peresenti yaikulu. Palibe akaunti yomwe ingakupatseni phindu lofanana ndi kuthetsa ngongole ya 20 peresenti pa mwezi. Chenjeraninso ndi tingongole ta pa foni ta masiku 30. Zomwe amadula zimaoneka zochepa, koma mukamakongola mwezi uliwonse kuti mubweze ya mwezi watha, mukulipira mtengo umenewo maulendo 12 pa chaka.

Kakyuleta yomweyo ikuthandizaninso kugwira akuba. Wina akakuuzani kuti ikani ndalama kwathu, timapereka 30 peresenti mwezi uliwonse, musatsutsane naye, ingochulukitsani 100,000 ndi 1.30 maulendo 12. Mupeza zoposa 2,300,000 pa chaka chimodzi. Pitirizani mpaka miyezi 24, mudutsa 54,000,000. Ndiye dzifunseni kuti munthu wokhala ndi geni yotere akufuniranji kandalama kanu, osangokongola ku banki pa mtengo wotsika n'kudya yekha phindu lonse. Mu 1920, ku Boston m'dziko la America, Charles Ponzi analonjeza anthu 50 peresenti pa masiku 45. Oyamba analandiradi, koma ankawalipira ndi ndalama za olowa pambuyo, ndipo chaka chomwecho zonse zinagwa. Mpaka lero chinyengochi chimayenda momwemo: oyamba amalandira n'kukhala mboni, amakulimbikitsani kuti musatape koma muzisiye ziberekane, ndipo amakuuzani kuti mubweretse anzanu. Nambala zokula zomwe mukuziona pa foni si ndalama mpaka zitafika m'manja mwanu.

Zochita mwezi uno

Sankhani ndalama yomwe mungathe kuika mwezi uliwonse ngakhale mwezi wovuta, osati yomwe mungaike mwezi wabwino. Ndi bwino 2,000 yosadumpha kusiyana ndi 10,000 yomwe mudzaitapanso pa 20 mwezi womwewo. Iikeni tsiku lomwe mwalandira ndalama, musanagule kanthu, chifukwa zodikira kuti muone zotsala kumapeto kwa mwezi sizitsala. Ngati mumalandirira ku banki, apempheni kuti azisamutsa okha ndalamayo pa tsiku loikika.

Yenderani malo awiri kapena atatu ndi mafunso aja. Pa malo aliwonse, tengani ndalama yomwe mukuyembekeza kukhala nayo pakati pa chaka, werengani chiwongoladzanja chake, chotsani msonkho, chotsani zodula za miyezi 12, muone chotsala. Nthawi zina akaunti ya 5 peresenti yosadula kanthu imaposa ya 8 peresenti yodula mwezi ndi mwezi, makamaka mulu ukadali waung'ono.

Mukatsegula, sungani kope. Mwezi uliwonse lembani tsiku, zomwe mwaika, ndi zomwe mukuyembekeza kuti zikhalemo malinga ndi masamu anu. Chiwongoladzanja choyamba chikalowa, pemphani sitetimenti muyerekeze. Kusiyana kwakung'ono kusakudetseni nkhawa, chifukwa mabanki ambiri amawerengera pa masiku, pogawa peresenti ya chaka ndi 365, ndiye mwezi wa masiku 28 umabereka zochepa kuposa wa masiku 31. Koma mukapeza kuti mwalandira theka la zomwe munawerengera, kapena simunalandire konse, yang'anani zinthu zinayi pa sitetimentiyo: ngati adula msonkho, ngati pali zodula zomwe sanakuuzeni, ngati ndalama yanu inatsikapo pansi pa mulingo wochepetsetsa uja, ndiponso ngati peresenti yasintha, poti pa akaunti wamba banki imatha kuitsitsa kapena kuikweza nthawi ina iliyonse. Mukalephera kupeza chifukwa, pitani ndi kope lanu mukawapemphe kuti akuwerengereni pamaso panu, mzere ndi mzere, kuyambira tsiku lomwe munaika ndalama yoyamba.